Kumasulira Gawo la Njira m'Nkhani ya Sayansi: Miyezo ndi Masamu a Kafukufuku wa Katemera wa Tayifodi

Nkhani ya sayansi yofotokoza kafukufuku kawirikawiri imakhala ndi magawo anayi. Loyamba limanena funso limene ofufuza anali nalo, lachiwiri limafotokoza njira zimene anatsata, lachitatu limapereka zimene anapeza, ndipo lachinayi limakambirana tanthauzo la zopezazo. Gawo la njira ndilo limanena kuti anthu amene analowa m'kafukufuku anali otani, anapatsidwa chiyani, chochuluka bwanji, anayezedwa ndi chida chanji, komanso manambala anawerengeredwa motani. Limalembedwa kuti katswiri wina, amene sanaone ntchitoyo ikuchitika, athe kuibwereza kapena kuloza pamene inalakwika. Womasulira amamangidwa ndi cholinga chomwechi. Ngati wina atatsatira mawu a Chichewa n'kulemba mwana amene ofufuza akanamubweza, kapena kubaya mlingo wosiyana ndi umene unabayidwa, ndiye kuti kumasulirako kwalephera, ngakhale chiganizo chikukoma m'khutu.

Chitsanzo chabwino ndi kafukufuku wa katemera wa tayifodi amene anachitika ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre. Ana anabayidwa katemera m'chaka cha 2018, ndipo zotsatira zoyamba zinasindikizidwa mu 2021 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Ana amene anawerengedwa anali 28,130. Ena analandira katemera wa tayifodi wotchedwa Typbar-TCV, ena katemera wa matenda oumitsa khosi wotchedwa MenAfriVac. Nkhaniyi inalembedwa m'Chingerezi, koma anthu amene ikuwakhudza amayankhula Chichewa: makolo a anawo, alangizi a zaumoyo, atolankhani a pawailesi, ndiponso ophunzira unamwino. Boma la Malawi linayamba kupereka katemerayu m'dziko lonse mu 2023, choncho funso loti kafukufuku wake anachitika bwanji si la akatswiri okha.

Malire a zaka ndi zizindikiro zing'onozing'ono

Gawo la njira limayamba ndi kunena amene analoledwa kulowa. Ku Blantyre anali ana a miyezi 9 mpaka zaka 12. Chiganizochi chikuoneka chosavuta, koma mawu oti "mpaka" sanena ngati mwana wa zaka 12 ndi miyezi 7 ali mkati kapena kunja. Munthu wina amva kuti malire ndi tsiku limene mwana wakwanitsa zaka 12, wina amva kuti chaka chonse cha 12 chili momwemo. M'kafukufukuyu mwana ankaloledwa malinga ngati sanakwanitse zaka 13. Chichewa chosasiya mpata chingakhale chakuti: ana amene anakwanitsa miyezi 9 koma asanakwanitse zaka 13. Kusiyana kwa mamvedwe awiriwa ndi chaka chathunthu cha ana, ndipo m'kafukufuku wa ana oposa 28,000 amenewo si ochepa. Womasulira saganizira yekha malirewo. Amayang'ana m'matebulo a nkhaniyo ndi m'chikalata cha dongosolo la kafukufuku, chimene ofufuza amalemba ntchito isanayambe, n'kuona kuti gulu la ana aakulu likuthera pati.

Vuto lomweli lili pa zizindikiro ziwiri zofanana kwambiri, > ndi ≥. Choyamba chimatanthauza "kuposa", chachiwiri chimatanthauza "chimenecho kapena kuposerapo". Kamzere kakang'ono kam'munsi ndiko kamasiyanitsa. Nthawi zina kamasowa pamene mawu akukoperedwa kuchoka m'fayilo ina kupita m'fayilo ina, makamaka ngati wolemba anangolemba > n'kuika mzere kunsi kwake. Zikatero, chiganizo chonena za madigiri 38 kapena kuposerapo chimasanduka cha madigiri oposa 38, ndipo mwana amene choyezera chinaonetsa 38.0 ndendende amatuluka m'gulu limene anayenera kukhalamo. Ndi bwino kulemba zonse ziwiri, mawu a Chichewa ndi chizindikiro chake, kuti china chikasowa chinzake chiyankhule.

Mlingo wa mankhwala

Mwana aliyense wa m'gulu la katemera wa tayifodi anabayidwa kamodzi 0.5 ml mumnofu, ndipo m'madziwo munali 25 µg za chinthu chochokera pachikuto cha kachilombo ka tayifodi, chotchedwa Vi. Apa pali miyezo iwiri yosiyana. Mililita imayeza kuchuluka kwa madzi olowa m'sirinji, pamene maikulogalamu imayeza kulemera kwa mankhwala osungunuka m'madziwo. Chichewa chimatha kutchula zonsezi kuti "mlingo", choncho womasulira ayenera kunena mlingo wa chiyani.

Chizindikiro cha µ ndi chilembo cha Chigiriki, ndipo chimatanthauza gawo limodzi mwa magawo 1,000,000. Chilembo cha m kutsogolo kwa g chimatanthauza gawo limodzi mwa 1,000. Motero 1 mg ndi 1,000 µg. Ngozi yodziwika bwino kwa osindikiza mabuku ndi yakuti m'mafayilo ena µ amasungidwa ngati m wovekedwa kalembedwe ka Chigiriki, ndipo kalembedweko kakasintha amabwerera kukhala m wamba. Pamenepo 25 µg yasanduka 25 mg, mlingo wakula ka 1,000, ndipo palibe chilichonse patsamba chimene chikuoneka cholakwika. Njira yodziwira ndi imodzi: kuika tsamba lomasuliridwa pambali pa tsamba loyambirira losindikizidwa, n'kuyang'ana chizindikiro chilichonse ndi maso.

Manambala salembedwa m'mawu m'gawo limeneli. Chichewa chimawerenga mpaka zisanu kenako n'kumaphatikiza, moti 28,130 m'mawu ingadzaze mzere wathunthu ndipo wowerenga angasochere asanafike kumapeto. Komanso sabulungidwa. Ofufuza akalemba 0.50 m'malo mwa 0.5, ziro womalizayo akunena kuti muyezo unatengedwa mosamala mpaka malo achiwiri pambuyo pa kadontho, ndipo womasulira alibe ufulu womuchotsa. Palinso chiyeso chosintha miyezo kuti imveke ya kunyumba, monga kunena kuti 5 ml ndi kasupuni ka tiyi. M'kapepala kolangiza makolo zimenezi zingathandize, koma m'gawo la njira n'zolakwika, chifukwa masupuni a m'nyumba salingana ndipo ofufuza sanayeze ndi supuni.

Kadontho ndi koma nazo zimasokoneza. Ku Malawi ndi ku Zambia, 28,130 ndi ana oposa zikwi 28, ndipo 0.5 ndi theka. Kwa oyankhula Chinyanja a ku Tete ndi ku Niassa m'dziko la Mozambique, amene anaphunzira masamu m'Chipwitikizi, zinthu zimatembenuka: theka limalembedwa 0,5 ndipo kadontho kamalekanitsa zikwi. Munthu wotere akaona 28,130 angawerenge 28 ndi kachidutswa. Ngati nkhani yomasuliridwa idzawoloka malire, womasulira anene koyambirira kalembedwe kamene watsata, ndipo asakasinthe mpaka kumapeto.

Kutentha thupi si malungo

Gawo lovuta kwambiri ndi limene limafotokoza mmene mwana wodwala ankapezekera. Ofufuza sankayeza magazi a mwana aliyense. Ankadikira ana obwera okha kuchipatala, monga ku zipatala za ku Ndirande ndi ku Zingwangwa komanso ku Queen Elizabeth, ndipo ankatenga magazi a mwana wa m'kafukufuku ngati anali ndi chimodzi mwa zinthu zitatu. Choyamba, kholo likanena kuti mwana wakhala akutentha thupi kwa maola 72 kapena kuposerapo. Chachiwiri, choyezera choikidwa m'khwapa chikaonetsa 38 °C kapena kuposerapo. Chachitatu, mwana akagonekedwa m'chipatala atatenthapo thupi, kaya kwa nthawi yaitali bwanji. Magaziwo ankapita ku labotale, kumene ankawasunga m'mabotolo apadera kuti tizilombo timene tilimo tiswane n'kudziwika. Mwana ankawerengedwa kuti wadwala tayifodi pokhapokha kachilombo ka Salmonella Typhi kakapezeka m'magazi ake.

Pakamwa pa anthu ambiri, mwana wotentha thupi "ali ndi malungo". Mawuwa amagwiritsidwa ntchito pa kutentha thupi kwa mtundu uliwonse, komanso ndi dzina la matenda ofalitsidwa ndi udzudzu. Womasulira akalemba kuti magazi ankatengedwa kwa ana odwala malungo, wowerenga wa kuchipatala amva kuti ofufuza ankasankha ana amene anapezeka ndi tizilombo ta malungo, zimene zili kutali ndi zoona. M'gawo la njira, chizindikiro chitchulidwe kuti kutentha thupi, ndipo mawu oti malungo asungidwire matenda a udzudzu okha. Lamuloli ligwire kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. M'nkhani yopeka kusinthasintha mawu kumakometsa, koma kuno wowerenga akaona mawu atsopano amaganiza kuti chinthunso ndi chatsopano.

Zinthu zina zitatu zing'onozing'ono zimatayika mosavuta m'ndime yomweyi. Malo oyezera kutentha ayenera kutchulidwa, chifukwa m'khwapa mumaonetsa nambala yotsikirapo kusiyana ndi m'kamwa kapena kumatako, choncho 38 °C ya m'khwapa si yofanana ndi 38 °C ya kwina. Maola 72 asasinthidwe kukhala "masiku atatu". Mayi amene mwana wake anayamba kutentha Lolemba usiku, akafika kuchipatala Lachitatu m'mawa amanena kuti lero ndi tsiku lachitatu, pomwe maola apita osakwana 40. Ndipo ziyenera kumveka kuti chimodzi chokha mwa zitatuzo chinali chokwanira. Kulumikiza zitatuzo ndi "komanso" kungapangitse wowerenga kuganiza kuti zonse zinkafunika pamodzi, ndipo zikanakhala choncho ana otengedwa magazi akanakhala ochepa kwambiri.

Chichewa chimakakamizanso womasulira kusankha pamene Chingerezi sichinasankhe. Chingerezi chimagwiritsa ntchito nthawi yakale imodzimodzi pa chinthu chochitika kamodzi ndi pa chinthu chobwerezedwa. M'Chichewa "anatengedwa magazi" ndi "ankatengedwa magazi" n'zosiyana. Katemera anabayidwa kamodzi, choncho ana "anabayidwa". Magazi ankatengedwa nthawi iliyonse mwana akabwera ali wotentha thupi, choncho "ankatengedwa". Womasulira amene sanamvetse dongosolo la kafukufuku amasankha molota, ndipo wowerenga angaganize kuti ana onse 28,130 anatengedwa magazi tsiku la katemera.

Maere ndi kubisa

Ana anagawidwa m'magulu awiri mwa njira imene pa Chingerezi amati randomu. Mawuwa amamasuliridwa kawirikawiri kuti "mwachisawawa", ndipo kumeneku ndi kulakwitsa kwakukulu. Kuchita zinthu mwachisawawa ndi kuchita mosasamala, mopanda dongosolo. Kholo lowerenga kuti ana anapatsidwa katemera mwachisawawa lingakwiye, ndipo lingakhale ndi chifukwa. Chimene chimachitika ndi chosiyana kotheratu. Mndandanda umapangidwa ndi kompyuta kafukufuku asanayambe, ndipo mwana aliyense amakhala ndi mwayi wofanana wogwera gulu ili kapena linalo. Namwino, kholo kapena mfumu sangasankhe. Cholinga chake n'chakuti magulu awiriwo afanane pa zonse, monga zaka, madzi akumwa ndi umphawi wa pakhomo, kuti kusiyana kukaoneka pamapeto kukhale kochokera ku katemera. Mawu a Chichewa oyandikira kwambiri ndi "mwa maere", ndipo ndi bwino kuwonjezera kuti maerewo anachitidwa ndi kompyuta. Chizindikiro cha 1:1 chimene chimatsatira chimanena kuti magulu anayenera kukhala olingana kukula. Anatuluka 14,069 ndi 14,061.

Kafukufukuyu analinso wobisa mbali ziwiri. Mawu a Chingerezi a njirayi amanena za khungu, ndipo kuwatsata liwu ndi liwu kungatulutse chiganizo choopsa chonena kuti ana anachititsidwa khungu. Tanthauzo lake n'lakuti makolo sankadziwa katemera amene mwana walandira, ndiponso amene ankayeza ana odwala sankadziwa. M'kafukufuku wotere pamakhala anthu ochepa okonza katemera amene amadziwa, ndipo gawo la njira limanena kuti iwo ndi ndani. Womasulira atchule gulu lililonse monga latchulidwira, osati kungoti "palibe amene ankadziwa". Asalembenso kuti gulu loyerekezera linalandira mankhwala opanda mphamvu, amene madokotala amati pulasibo. Ku Blantyre gululi linalandira katemera weniweni, kungoti wa matenda ena.

Mawu a masamu

Ndime yomaliza ya gawo la njira imafotokoza kawerengedwe. Manambala enieni amapezeka m'gawo la zotsatira, koma womasulira ayenera kuwayang'ana pomasulira ndimeyi, chifukwa ndiwo amasonyeza ngati wamvetsa. M'gulu la katemera wa tayifodi munapezeka odwala 12, m'gulu loyerekezera 62. Ofufuza sanagawe manambalawa ndi chiwerengero cha ana chabe, koma ndi nthawi yonse imene anawo anatsatiridwa. Muyezo umenewu uli ngati mmene mwini munda amawerengera ganyu: anthu asanu akalima masiku awiri, ndi masiku khumi a ntchito, chimodzimodzi munthu mmodzi akalima masiku khumi. Mwana wotsatiridwa zaka ziwiri amapereka zaka ziwiri, wosamuka patatha miyezi 6 amapereka theka la chaka, ndipo zonse zimaphatikizidwa. Zotsatira zake zinali odwala 46.9 ndi 243.2 pa zaka zophatikizidwa 100,000 zilizonse. Kumasulira kuti "pa ana 100,000 alionse" n'kutaya nthawi m'muyezowo, ndipo kunena kuti "pa zaka 100,000" popanda kufotokoza n'kusiya wowerenga ali kukamwa yasa. Mawu oti "zaka zophatikizidwa za ana onse otsatiridwa" ndi aatali, koma akafotokozedwa kamodzi angafupikitsidwe pambuyo pake.

Mphamvu ya katemera imachokera pa manambala awiriwa:

```
(1 − 46.9 / 243.2) × 100 = 80.7
```

Womasulira wosamala amabwereza masamu amenewa pa kakyuleta yake, chifukwa akatero amaona chimene 80.7% ikunena. Sikunena kuti ana 81 pa 100 alionse obayidwa sanadwale. M'magulu onse awiri, ana oposa 99 pa 100 alionse sanapezeke ndi tayifodi. Ngakhale m'gulu losalandira katemera wa tayifodi, odwala 62 mwa ana 14,061 ndi pafupifupi anayi pa 1,000 alionse. Chimene nambalayi ikunena n'chakuti pamene pakanakhala odwala 100, katemera anasiya pafupifupi 19. Chichewa cholondola n'chakuti katemera anachepetsa kudwala tayifodi ndi 80.7% poyerekeza ndi gulu linalo. Mawu oti "poyerekeza ndi" asatayike, chifukwa peresenti yopanda chimene ikuyerekezedwa nacho imalola wowerenga kudziikira yekha tanthauzo. Palinso kusiyana pakati pa kuchepetsa "ndi 80.7%" ndi kuchepetsa "kufika pa 80.7%". Kuchoka pa 100 kufika pa 19 ndi nkhani ina, kuchoka pa 100 kufika pa 81 ndi inanso.

Pambali pa nambalayi pamalembedwa 95% CI, kenako manambala awiri, 64.2 ndi 89.6. Awa ndi malire a chiyerekezo. Ana 28,130 si ana onse a padziko, ndipo odwala 74 ndi ochepa, moti kafukufuku atabwerezedwa ndi ana ena nambala sikanatuluka 80.7 ndendende. Malirewo amasonyeza kukula kwa kusatsimikizikako. Tanthauzo la 95% n'lakuti kafukufuku wotere atachitika kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse malire n'kuwerengeredwa mwa njira yomweyo, malire 95 pa 100 alionse akanakhala ndi nambala yeniyeni mkati mwake. Njirayi inafotokozedwa ndi katswiri wa masamu Jerzy Neyman mu 1937. Chilembo cha C chikuimira mawu amene pa kuyankhula kwa tsiku ndi tsiku amatanthauza chidaliro, n'chifukwa chake ena amalemba kuti ofufuza "ali ndi chikhulupiriro cha 95%". Koma nambalayi sikuyeza mtima wa ofufuza, ndipo sikunena za ana 95 pa 100. Njira yabwino ndi kusiya 95% CI monga ilili, kuifotokoza kamodzi m'Chichewa, ndi kusunga manambala onse awiri. Kutaya malire n'kusiya 80.7 yokha kumapatsa nkhani chitsimikizo chimene ofufuza sananene.

Nkhani zambiri zimanenanso m'gawo la njira kuti kusiyana kudzatengedwa kukhala kwenikweni ngati P < 0.05, malire amene anafala kuchokera m'buku la Ronald Fisher la 1925. Nambala ya P imayankha funso ili: katemera akanakhala wopanda mphamvu iliyonse, kodi kusiyana kwakukulu chonchi, kapena koposa apa, kukanapezeka kangati mwa mwayi chabe? P ikakhala yochepera 0.05, ndiye kuti kukanapezeka kosakwana kasanu pa 100. Zotsatira zotere pa Chingerezi amati ndi siginifikanti, mawu amene pa kuyankhula wamba amatanthauza chinthu chachikulu kapena chofunika. Womasulira akalemba "kusiyana kwakukulu" kapena "kofunika kwambiri" wawonjezera chimene masamu sananene. M'kafukufuku wa anthu ambiri, kusiyana kwakung'ono kwambiri, kopanda phindu kwa wodwala, kumatha kudutsa malire a 0.05. Chichewa choyenera n'chakuti kusiyanako n'kovuta kukufotokoza ndi mwayi wokha. Mbali inayo imafuna kusamala komweko: P ikaposa 0.05, sizitanthauza kuti magulu anali ofanana, koma kuti kafukufukuyo sanathe kusonyeza kusiyana.

Mawu oti avereji nawo amabisa miyezo iwiri. Tiyerekeze ana asanu amene anatentha thupi masiku 2, 3, 3, 4 ndi 18. Kuphatikiza zonse n'kugawa ndi 5 kumapereka masiku 6. Koma kuika manambala m'ndondomeko n'kutenga yapakati kumapereka masiku 3. Yoyambayo akatswiri amaitcha mini, yachiwiri midiyani, ndipo amasankha yachiwiri pamene nambala imodzi yaikulu, ngati 18 ija, ikukokera zonse kumbali yake. Womasulira amene watcha zonse "avereji" kapena "pakatikati" wachotsa chisankho chimene ofufuza anachita dala. Chizindikiro chothandiza n'chakuti mini imayenda ndi SD, pamene midiyani imayenda ndi IQR.

Kafukufuku wa ku Blantyre anawerengeredwa kawiri. Kuwerengera kumodzi kunatsata gulu limene maere anaika mwana, n'kuwerenga wodwala aliyense kuyambira pa katemera. Ndiko kunapereka 12, 62 ndi 80.7%. Kwinako kunatenga ana okhawo amene zonse zinawayendera motsatira dongosolo, n'kuwerenga matenda oyamba patatha masiku 14 kapena kuposerapo chibayireni, popeza thupi limafuna nthawi kuti lipange chitetezo. Uku kunapereka odwala 10 ndi 61, ndi mphamvu ya 83.7%. Manambala onse ndi oona, koma aliyense ali ndi gulu lake. Womasulira apatse magulu awiriwa mayina a Chichewa osiyana bwino m'gawo la njira, n'kuwagwiritsa ntchito mosasintha m'matebulo. Apo ayi, wowerenga adzaona 80.7 patsamba lina ndi 83.7 patsamba lina, n'kuganiza kuti wina walakwitsa potayipa.

Kufufuza zolakwika

Kuwerenga nkhani yomasuliridwa kuti imveke bwino sikugwira zolakwika za manambala, chifukwa maso amatsata tanthauzo la chiganizo n'kudumpha zizindikiro. Kuyang'ana manambala kumachitika pakokha. Anthu awiri amakhala pamodzi, wina atagwira nkhani yoyambirira, wina yomasuliridwa, ndipo woyambayo amawerenga mokweza nambala iliyonse pamodzi ndi muyezo wake ndi chizindikiro chake, winayo n'kumachonga. Kenako pamabwera masamu osavuta: 14,069 kuphatikiza 14,061 kupereke 28,130, ndipo nambala yapakati ikhale mkati mwa malire ake, monga 80.7 ilili pakati pa 64.2 ndi 89.6. Manambala awiri akasinthana malo, monga 64.2 kukhala 46.2, khutu la wochonga ndilo limagwira.

Njira ina yofala m'kafukufuku wa zaumoyo ndi kupereka Chichewacho kwa munthu wina amene sanaone nkhani yoyambirira, kuti achibwezere m'Chingerezi. Imathandiza kupeza chiganizo chosowa, koma ili ndi malire. Omasulira awiri amene anaphunzira mofanana amatha kulakwitsa mofanana: woyamba amalemba "mwachisawawa", wachiwiri amazindikira mawu a Chingerezi amene anali kumbuyo kwake n'kuwabwezera bwinobwino, ndipo cholakwikacho chimabisika. Mayeso amphamvu ndi kupatsa namwino kapena mlangizi wa zaumoyo Chichewa chokhacho, n'kumufunsa mafunso a ntchito. Mwana wa zaka 12 ndi miyezi 7 alowe kapena ayi? Wa 38.0 °C m'khwapa, amene wayamba kutentha lero lomwe, atengedwe magazi? Wodwala patatha masiku 10 chibayireni awerengedwe m'gulu liti? Mayankho oyenera ndi akuti alowe, atengedwe, ndiponso awerengedwe m'kuwerengera koyamba kokha. Yankho likasiyana ndi limeneli, chiganizo chimene chamusocheretsa chimapezeka msanga.

Nthawi zina cholakwika chimakhala m'nkhani yoyambirira momwe, monga nambala ya m'ndime kusiyana ndi ya m'tebulo. Womasulira sakonza mwakachetechete, chifukwa sadziwa kuti yolondola ndi iti. Amalembera wolemba amene adiresi yake yaikidwa patsamba loyamba la nkhaniyo, amayang'ananso ngati magaziniyo inatulutsa kale chikonzero, ndipo yankho likachedwa amasiya nambalayo monga ilili n'kuika mawu a m'munsi onena kuti malo awiriwo sakugwirizana.